Makhadi sadziwa kumene mwamuna wanu anagona

Pa mafunso onse amene anthu amabwera nawo ndikayala makhadi a taroti patebulo, lilipo limodzi limene limandiumitsa kukhosi. Silibwera poyera. Munthu amayamba ndi za ntchito, za lendi, za mwana amene anamusiya kumudzi ndi agogo ake, kenako amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Komanso mundiyang'anireko za abambo akunyumba." Amuna nawonso amafunsa, kungoti iwo amazungulira kwambiri asanafike pamenepo. Kuno ku Joni, kumene ambiri a ife timagwira ntchito za maola osadziwika bwino ndipo wina amatuluka m'nyumba pamene mnzake akulowa, funsoli silisowa. Chimene chimandivuta ndi kuona nkhope ya wofunsayo. Sabwera ngati munthu wofuna kudziwa. Amabwera ngati woweruza amene wagamula kale mlandu mumtima ndipo akungosowa mboni imodzi yoti ivomereze. Mboniyo akufuna kuti ndikhale ine, pamodzi ndi timapepala 78 timene tili m'manja mwangamu.

Ndimaganizira kawirikawiri za munthu winayo, amene sali patebulo. Pa nthawi imene ife tikusakaniza makhadi, iye ali pa basi, kapena akulondera pageti pa bwana wake, kapena alidi m'chipinda cha mkazi wina, zonsezi n'zotheka. Sakudziwa kuti akuzengedwa mlandu. Kwathu nkhani ya chigololo ikakula imapita kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe ngakhale atakhala okondera chotani, amayamba aitana onse awiri, aliyense n'kulankhula mbali yake. Patebulo panga palibe mpando wa woimbidwa mlandu. Pali mkazi wosagona tulo, pali ine, ndiye pali zithunzi zimene mayi wina wojambula, Pamela Colman Smith, anajambulira Arthur Edward Waite, zimene zinatuluka ku London mu 1909. Mayi ameneyo sankamudziwa mwamuna wa munthuyu. Ine sindikumudziwa. Ndiye umboni uchokera kuti?

Wina akhoza kunena kuti uchokera m'makhadimo, poti ndiyo ntchito yake. Apa ndimakonda kuwerengera, chifukwa masamu sakondera. Alipo makhadi angapo amene owerenga ambiri masiku ano amathamangira kuwatcha a chinyengo m'banja: Malupanga Asanu ndi Awiri, Malupanga Atatu, Mwezi, Mdyerekezi, Zikho Zitatu, ndi Nsanja imene ikugwa ndi mphezi. Tinene kuti ndi 6 okhawo, ngakhale ena amawonjezerapo. Mukasakaniza bwinobwino n'kutola makhadi atatu pa 78 aja, mwayi woti limodzi mwa 6 amenewa lituluke ndi pafupifupi 22 pa 100. Mukayala makhadi 10, monga mwa kayalidwe kotchuka kamene Waite analemba m'buku lake, mwayiwo umakwera kufika pafupifupi 57 pa 100. Kutanthauza kuti ngakhale patakhala mwamuna wokhulupirika kuposa onse mu Johannesburg muno, mkazi wake akabwera kudzayalitsa makhadi 10, kuthekera koti "umboni" utuluke n'kwakukulu kuposa koti usatuluke. Ndipo wosakhutira amati, "Tayalaninso." Akayalitsa kachiwiri ndi kachitatu, khadi limene akulifuna lija lifika ndithu. N'chifukwa chake funso limodzi sindiliyalira kawiri, ngakhale munthu atapempha mogwada.

Panabwera mayi wina wachitsikana, wosoka zovala, amene anamulozera kwa ine mnzanga wa kutchalitchi (inde, a kutchalitchi amabwera, kungoti amabwera kukada). Anakhala pansi osavula juzi, chikwama chili pamiyendo. Ananena molunjika kuposa ambiri: "Achemwali, ndikufuna ndidziwe ngati abambo akunyumba ali ndi chibwenzi. Ndipo ngati chilipo, mundiuze kuti ndi ndani." Ndinamuuza zimene ndimauza aliyense makhadi asanatuluke m'kansalu kake, chifukwa zikanenedwa pambuyo pake zimamveka ngati kuzemba. Ndinati, "Asisi, funso limenelo sindingakuyankheni. Sindinena kuti eya, sindinenanso kuti ayi, ndipo dzina la munthu simulimva kwa ine. Chimene ndingathe ndi kukhala nanu, tiyang'ane zimene zikukusowetsani tulo. Ngati zimenezo sizikukwanirani, nyamukani bwinobwino, palibe chimene mwataya." Anakhala chete kanthawi. Ndimaganiza kuti anyamuka, poti ena amanyamukadi. Iye anangoika chikwama pansi.

Tinagwirizana malo atatu: khadi loyamba liimire zimene waona ndi maso ake, lachiwiri zimene akuopa, lachitatu zimene zili m'manja mwake kuti achite. Malo onse atatu ndi a iye. Palibe malo a "zimene mwamuna akuchita" kapena "zimene mwamuna akuganiza", ndipo kusiya malo amenewo ndiyo theka la ntchito yonse. Khadi loyamba kutembenuka linali, mwatsoka lake, Malupanga Asanu ndi Awiri. Amene sanalionepo: pali mwamuna akuyenda monyang'ama kuchoka pa misasa, wanyamula malupanga asanu, awiri wawasiya ali chiimire m'nthaka, ndipo akucheukira kumbuyo. Mayi uja anaomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine! Taonani mmene akuzembera. Utsi sufuka popanda moto."

Pamenepo m'pamene wowerenga amayesedwa. Kungogwedeza mutu kokha, kapena kupuma mozama, kapena kunena kuti "iii", ndiye kuti wagamula. Ndinamukumbutsa kuti khadilo lagwera pa malo a zimene waona, ndipo ndinamupempha kuti andiuze zimene waonadi, chimodzichimodzi, zopanda "ndiye kuti". Zinatuluka zitatu. Foni ya mwamunayo inali yosakiya kale, tsopano ili ndi nambala yachinsinsi. Ikalira usiku amakayankhira panja. Ndalama ya pakhomo yachepa kwa miyezi iwiri, ndipo akafunsidwa amakalipa. Ndinamufunsa ngati waonapo uthenga, chithunzi, kapena munthu. Ayi. Ngati wina anamuuzapo kuti anawaona pamodzi. Ayi, koma mnzake wa kuntchito anati amuna onse akatero ndiye kuti zilipo. Ndinati, "Ndiye chimene mukudziwa n'chakuti akubisa kanthu. Chimenecho n'choona, ndipo chikupweteka. Koma kanthuko simunakaone." Tinawerenga limodzi zimene munthu wa kwathu kuno amatha kubisira mkazi wake ndi zizindikiro zomwezo: ngongole ya katapila, kubetcha mpira pafoni, ntchito imene yatha koma akuchita manyazi kunena, mapepala okhalira m'dziko muno amene atha mphamvu, matenda a mayi ake kumudzi, mwana amene anabereka asanakwatire. Ndipo ndinatchulanso mkazi wina, chifukwa kumusiya pa mndandandawo kukanakhala kunama kwa mtundu wina.

Ndinamuuzanso kanthu kamene owerenga ambiri sakanena. M'buku la Waite mwini, tanthauzo la khadi limeneli silikamba za chigololo. Limakamba za cholinga, kuyesa chinthu, chiyembekezo, kukangana, ndi pulani imene ikhoza kulephera. Nkhani yoti ndi khadi la wonyenga m'banja inamera pambuyo, kuchokera pa chithunzicho ndi pa zimene ofunsa amafuna kumva. Sindinanene izi kuti ndimutsutse. Ndinafuna aone kuti tanthauzo limene anathamangira lija anabwera nalo yekha m'chikwama. Kenako ndinamufunsa funso limene ndimaliopa pang'ono nthawi zonse: "Pachithunzipa, mwatsimikiza kuti wozembayu ndi iwo? Inu simunayendepo chonchi m'nyumba mwanu?" Anaseka kuseka kosakondwa. Anati mlungu wathawo anadzuka pakati pa usiku, n'kutenga foni ija pansi pa pilo, n'kuyesa tsiku lobadwa la mwana wawo, kenako la apongozi ake, mpaka foni inadzitseka. Anaibwezera pamalo mtima ukugunda ngati wakuba m'nyumba yake yomwe.

Khadi lachiwiri linali Mfumukazi ya Ndodo, ndipo ili ndilo linandiopsa kuposa loyamba. Mwa makhadi 78 aja, 16 ndi a anthu a kubwalo la mfumu, ndipo mabuku akale amawagwirizanitsa ndi maonekedwe a anthu enieni, wina wakuda tsitsi, wina woyera. Apa m'pamene maina amabadwira. Mfumukaziyi yakhala pampando wa mikango, yagwira ndodo ndi duwa la mpendadzuwa, ndipo patsogolo pake pakhala mphaka wakuda. Mzungu amaona kachiweto. Munthu wa kwathu akaona mphaka wakuda pamapazi a mkazi, maganizo amathamangira kwina, ndipo mayi uja sanachedwe: "Ndi uja wa kusaluni. Amavala zachikasu choncho. Ndipo mphakayo, achemwali, ndiye kuti anawadyetsa." M'mphindi imodzi, mkazi amene mwina mlandu wake ndi kupereka moni mosekerera anasanduka wolanda mwamuna komanso wamankhwala. Ndinaika dzanja pakhadipo. Ndinati, "Dzina limenelo mwatchula ndinu, ine sindinalitchule ndipo khadili silinalitchule. Malo ano ndi a zimene mukuopa. Tiyeni tisiye wa kusaluni, mundiuze za mkazi ali pachithunziyu. Ali ndi chiyani chimene mukuona kuti inu mulibe?" Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa kuti mkaziyo wakhala momasuka, sakuoneka wotopa. Anati chibadwire mwana wachiwiri iye amagona pa makina osokera, ndipo sakumbukira tsiku limene mwamuna wake anamuyang'ana kawiri. Apo m'pamene anagwetsa misozi, osati pa khadi la malupanga lija.

Za kutchula dzina sindinyengerera, ndipo chifukwa chake si ulemu chabe. Tinachokera kumene tikudziwa zimene zimachitika woombeza akaloza chala. Mwavi unapha anthu ambiri osalakwa, ndipo lamulo la za ufiti la mu 1911 ku Nyasaland linaletsa kumwetsa mwavi komanso kunena munthu kuti ndi mfiti. Kwa Azande a ku Sudan, monga analembera Evans-Pritchard m'buku lake la mu 1937, mlandu wa chigololo unkatha kugamulidwa pomwetsa nkhuku mankhwala akupha n'kuona ngati ife kapena ipulumuke. Ife tikawerenga zimenezo timapukusa mutu, koma khadi lotoledwa mwamwayi likusiyana pati ndi nkhuku ija? Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunali bwalo ndi mfumu, pamene pano chigamulo chimatuluka pakhomo panga n'kukwera takisi chopanda womuyang'anira. Chimakafika kusaluni ngati ndewu, kapena pagulu la pafoni la amayi a kumudzi umodzi, kumene dzina la munthu likaipa silichapika. Ndipo wofunsa akakhala mwamuna, chimakafika m'nyumba ngati chibakera. Mwamuna akandifunsa za mkazi wake ndimayang'ana manja ake ndi nsagwada zake, ndimamvetsera ngati akunena kuti "ndikamugwira aona". Ndikamva zotero makhadi sindiwatulutsa n'komwe.

Komabe pali ganizo limene limandibwerera usiku, ndipo sindinalithetse. Kodi kukana kwangaku si mantha ovala zovala za nzeru? Nthawi zambiri mkazi amene akukayika amakhala kuti akulondola. Wakhala ndi munthuyo zaka, amadziwa kapumidwe kake akamanama. Kunyumba akumuuza kale kuti wapenga, kuti ndi nsanje, kuti amamvera zonena za anthu. Ndiye abwere kwa ine, nanenso ndimuuze kuti vuto ndi mantha ake? Kumeneko kungakhale kuthandiza wonyengayo kumanga mpanda wake. Ndaonapo owerenga amene pothawa kuneneza munthu amagwera mbali inayo, n'kumati, "Musadandaule, makhadi akuonetsa kuti amakukondani." Bodza limenelo ndi lofanana ndi linzake lija, chifukwa nalonso likunena za munthu amene sali patebulo, ndipo mwina ndi loopsa kuposa, poti mkazi amabwerera kunyumba atatsitsa mtima pa nkhani imene ikhoza kukhudza magazi ake. Choncho ndimayesetsa kuima pakati pamene pali povuta kuimapo. Kukayika kwake sindikutsutsa, sindikudyetsanso. Ndimamuuza kuti zimene waona n'zenizeni ndipo ali ndi ufulu wofuna yankho, kungoti yankholo lili ndi munthu wina, osati ine. Kaya pakati pamenepo ndi malo oona kapena ndi pobisalira pabwino, masiku ena ndimatsimikiza, masiku ena ayi.

Chimene chimandilimbitsako mtima ndi kuona mmene kukayika kumadyera. Sikukhuta. Munthu akauzidwa kuti eya, amafuna dzina. Akapatsidwa dzina, amafuna kudziwa kuti zinayamba liti, ndipo amabweranso mlungu wamawa. Akauzidwa kuti ayi, mtima umagwa masiku awiri, kenako foni imaliranso usiku ndipo amapita kwa wina amene anene kuti eya. Mapepala amene amamatidwa pa mitengo ya magetsi m'tauni muno, olonjeza kubweza wokondedwa wotayika, amakhalira pa njala imeneyi. Wowerenga wofuna ndalama sangapeze kasitomala woposa munthu wansanje. Ine ndimazindikira kuti kuwerenga kwayamba kupotoka ndikaona zinthu zochepa: wofunsa wasiya kunena kuti "ine" ndipo chiganizo chilichonse chikuyamba ndi "iwo", akupempha khadi lina loti "limveketse" limene latuluka, kapena akutulutsa foni kuti andionetse chithunzi cha munthu. Zikatero ndimabweza nkhani kwa iye, ndipo ikakana kubwerera ndimasonkhanitsa makhadi.

Khadi lachitatu la mayi uja linali Malupanga Awiri: mkazi womangidwa nsalu kumaso, wakhala pampando wamwala, wapingasa malupanga awiri pachifuwa, nyanja ili kumbuyo kwake. Sindinafunike kunena zambiri. Ndinangofunsa ngati anawafunsapo abambowo. Anati amawaponyera mawu, monga "apite nayo kubafa foniyo, ingawathawe", koma kufunsa kwenikweni ayi, chifukwa akuopa yankho. Tinakhala nthawi yotsalayo pa zimenezo, ndipo makhadi anangokhala pambali. Tinayeserera mawu oti akanene, oyambira pa zimene waona osati pa chigamulo: "Bambo, foni mwayamba kukiya, ndalama yachepa, ndikafunsa mukukalipa. Ine sindikugona. Mundiuze chimene chikuchitika." Mawu amenewo mwamuna wosalakwa akhoza kuwayankha osanyozeka, ndipo wolakwa sangawazembe ponena kuti akunamiziridwa, chifukwa palibe chimene wanamiziridwa. Ndinamufunsa ngati mwamunayo anamumenyapo, chifukwa ngati anatero sindikanamulimbikitsa kufunsa ali awiriwiri. Anati ayi, amangotuluka. Tinakambirana za nthawi yake, ana atagona, osati pamene wangolowa kuchokera kuntchito. Tinakambirana za amene angakhale pakati ngati zitakanika, poti ankhoswe awo ali ku Ntcheu, koma amalume a mwamunayo amakhala kuno ndipo onse awiri amawapatsa ulemu.

Ndipo ndinanena chinthu china chimene sichili m'buku lililonse la taroti. Ndinati ngati nkhawa yake yafika poganiza kuti pali mkazi wina, akayezetse magazi kuchipatala, kumene kuyezetsa kachilombo n'kwaulere, ndipo asadikire kuti mlandu uyambe watha. Kuyezetsa sikuneneza munthu. Ndi funso lokhalo pa mafunso ake onse limene lili ndi chida choliyankha moona, ndipo chidacho chili kwa namwino. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, kenako anagwedeza mutu. Potuluka anati, "Ndiye simundiuzadi?" Ndinati, "Sindikudziwa, asisi. Ndikanakuuzani, ndikanakhala ndapeka." Sanabwerenso, ndipo mnzanga wa kutchalitchi uja sindinamufunse, chifukwa nkhaniyo si yanga.

Nthawi zina ndimadzifunsa kuti nanga makhadiwo agwira ntchito yanji, ngati zonse zimene tinapeza zinachokera m'kamwa mwa mayi yemweyo. Mwina ntchito yake ndi yochepa choncho. Munthu amene sangathe kunena kuti "ndatopa ndipo ndikuopa kuti sindikukondedwanso" amatha kuloza mkazi wa mpendadzuwa n'kunena kuti uyu sakuoneka wotopa. Chithunzi chimamupatsa poyambira. Makhadiwa anayamba ngati masewera ku Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo kuombeza nawo kunadza mochedwa, ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Sindiona chifukwa chowasenzetsa katundu woposa pamenepo, makamaka katundu wa banja la munthu ndi mbiri ya mkazi wa kusaluni amene sakudziwa n'komwe kuti anatchulidwa m'nyumba mwanga.

Inu amene mwina mukuganiza zopita kwa wowerenga makhadi, kwa sing'anga kapena kwa mneneri ndi funso limeneli, sindikuletsani. Koma akakupatsani dzina, bwererani m'mbuyo m'zokambirana zanuzo, mukumbukire amene anayamba kulitchula kapena kufotokoza maonekedwe a munthuyo. Ndipo musanapite kukagogoda pakhomo la mwini dzinalo, kafunseni kaye amene mumagona naye nyumba imodzi.